Mutu Wanga wa Mbali Imodzi

M'nyumba imene ndinakuliramo, kwa Malemia, mutu wopweteka unali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali mayi aang'ono. Iwo ndi amene anandilera mayi anga atamwalira ndili wamng'ono. Ankagulitsa tomato ndi nthochi pamsika wa Songani, ndipo dengu ankalisenza okha kuchokera kudimba mpaka pamsewu. Dzuwa likamapendeka ankafika atakwinya nkhope, n'kuponya nkhata pakhonde, n'kuyamba kudzisisita khosi.

Mutu wawowo ndinkaudziwa ngati m'bale. Unkayambira kunkhongo ndi m'mapewa, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka utazungulira pachipumi, uku ndi uku chimodzimodzi. Ankati ukuwafinya ngati avala chipewa cha mwana. Unkakonda masiku amene malonda avuta kapena pamene akangana ndi munthu pamsika. Mankhwala ake anali mpango: ankaumanga pamutu mothinitsa, n'kumwa panado ngati alipo, kenako n'kutenga tsache kapena mtondo. Ankadya ndithu, wailesi ikulira, ndipo m'mawa ankadzuka ali gwa. Choncho kwathu lamulo linali lakuti mutu sugoneka munthu, ndipo wogona ndi mutu ndi waulesi.

Dzina la ulesilo linali kale ndi mwini wakenso. Ndinakula ndikumva kuti mayi anga anali mkazi wabwino koma wamanja lende, wokonda kudzitsekera m'nyumba anzake ali kumunda. Palibe amene ankanena zimenezi mwachipongwe. Ankangozinena ngati mmene anthu amanenera kuti uje anali wamtali.

Wanga mutu unabwera nditatha msinkhu, ndili Fomu 1 pasukulu yoyendera. Sunkafanana ndi wa mayi aang'ono ngakhale pang'ono. Tsiku loti ubwera mawa ndinkayasamula kosalekeza, anzanga m'kalasi mpaka kumandifunsa ngati kwathu kulibe mphasa. Kenako unkafika, nthawi zambiri kumanzere, kuseri kwa diso ndi pamwamba pa khutu, ukugunda motsatira mtima. Ndikawerama kuti nditole chinthu, kugundako kunkawirikiza. Ndikayenda, phazi lililonse ndinkalimvera m'diso. Kuwala kwa dzuwa pamalata kunkandibaya, tambala akalira ndinkalakalaka atamuphika tsiku lomwelo, ndipo fungo la mafuta ophikira linkanditembenuza m'mimba. Ndinkathamangira kuseri kwa chimbudzi kukasanza mobisa. Unkandigwira tsiku lathunthu, mwina awiri, n'kundisiya wolefuka ngati ndalima ndime ya munthu wina.

Poyamba ankati ndi malungo. Koma thupi silinkatentha, ndipo malungo ochira okha pakatha masiku awiri anawatopetsa mayi aang'ono. Anayamba kuimirira pakhomo la kuchipinda, chitseko atatsegula chonse kuti kuwala kulowe.

"Dzuka iwe, manga mpango. Ukuyesa ineyo mutu sundipweteka?"

Mpango ndinamanga, ndipo palibe chimene unachita.

"Watengera amako," anatero, n'kupita.

Ndili Fomu 3, mwezi wa Okutobala, zinandichitikira pagulu. Ndinachoka kunyumba osadya, dzuwa linali loswa mtengo, ndipo pobwerera kusukulu mutu unali utayamba kale. Nditafika pa Songani, mphepo inandibweretsera utsi wa pachiwaya, pamene anyamata amakazinga tchipisi. Sindinathe n'kufika kuseri kwa golosale. Ndinasanza pomwepo m'mbali mwa msewu, nditavala yunifolomu, amayi onse ogulitsa tomato akuona. Bambo wina wa kabaza, amene ndinkangomudziwa nkhope, anandimvera chisoni n'kundikweza panjinga yake mpaka kunyumba. Njira yonse ndinali nditatsinzina, chipumi nditatsamiritsa pamsana pake chifukwa mabampu ankandipha.

Anthu a pa Songani sachedwa kuwerengera. Mtsikana wasanza atamva fungo la mafuta, ndipo wapita atakumbatira wa kabaza. Mmene mayi aang'ono ankalongedza dengu lawo madzulo, mimba yanga inali itakwana kale miyezi iwiri, mwini wake akudziwika.

Mutu utatha ndinadzuka n'kuphika ndiwo. Kwathu, ngakhale tinali anthu opemphera, mwambo wa mchere tinkausunga: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amati angadule anthu a m'nyumbamo. Ndiye ndinaitana monga mwa nthawi zonse.

"Mayi, dzathireni mchere."

Anabwera, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wachenjera," anatero. "Ukufuna undipusitse ndi mchere."

Tsiku lotsatira anabwera ndi mayi wina wachikulire wa kumpingo, amene anali namkungwi wathu pachilangizo. Anandikhazika pamphasa kuchipinda. Mayiyo anandiyang'ana m'maso, m'zikhatho ndi pakhosi, n'kunena kuti khungu langa layera mokayikitsa. Khungu la munthu amene wasanza masiku awiri!

"Mwanawe, ulula. Wa njinga uja anayamba liti?"

"Ine ndimadwala mutu."

"Mutu tonse timadwala," anatero mayi aang'ono. "Unandionapo ine ndikusanza ndi mutu? Unandionapo ndikuthawa fungo la mafuta? Mutu uli kumwamba, mimba ili pansi. Zikugwirizana pati?"

"Ndili kumwezi panopa. Onani ngati mukufuna."

"Ena amataya magazi ali ndi pakati pomwe," anatero namkungwi uja, mosatekeseka. "Ndaona zambiri ine."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mlandu anaugamula kale pamsika. Amalume, achimwene awo a mayi anga, amene anali mwinimbumba wathu ndiponso ondilipirira sukulu, anauzidwa madzulo omwewo. Sanandifunse kanthu. Anangotumiza mawu akuti ndisapitenso kusukulu, ndipo Loweruka apita kwa makolo a wa kabaza kuti akanditule. Anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo iwo sakufuna kupotedwa.

Ndinakwiya kwambiri moti misozi sinatuluke. Sukulu inali chinthu chokhacho chimene chinali changachanga, ndipo ankafuna kundilanda chifukwa cha utsi wa tchipisi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu yomwe ija, nditaichapa, n'kuima pakhonde.

"Ndikupita kuchipatala akandiyeze. Ngati simubwera, mudzati ndanama. Tiyeni mukamve nokha."

"Ukundilamula ine?"

"Eya."

Sindinawayankhepo choncho chibadwire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga chitenje chawo chatsopano. Ndikuganiza kuti ankafuna kukaona ndikuchita manyazi pamaso pa anthu ophunzira.

Tinapeza adokotala aakazi, ojintcha, ooneka otopa, mzere uli mpaka panja. Mayi aang'ono sanadikire kufunsidwa.

"Adokotala, muyezeni mimba uyu. Akusanza."

Anandiyeza malungo, anandiyeza mkodzo kuti aone ngati ndili ndi mimba. Zonse ziwiri panalibe. Ine ndinayang'ana mayi aang'ono ndili ndi mtima woti ndivine, koma iwo anasendera kufupi ndi tebulo n'kutsitsa mawu.

"Mwina wachotsa. Ana a masiku ano."

"Akanachotsa masiku omwewa, kachipangizoka kakanaonetsabe," anatero adokotala. "Palibe mimba, ndipo panalibe."

"Nanga kusanzako? Munthu amangosanza?"

Funso limenelo ndi limene likanandimaliza. Tikanabwerera kunyumba ndi yankho lakuti palibe mimba basi, pa Songani akanati mtsikana uja anathana nayo mochenjera. Adokotala anaika cholembera pansi n'kutembenukira kwa ine.

"Akuti umadwala mutu. Ndilozere pamene umapweteka."

Ndinaika chikhatho padiso lakumanzere ndi pamwamba pa khutu.

"Mbali imodzi? Umafinya kapena umagunda?"

"Umagunda."

"Ukamayenda kapena kuwerama?"

"Umachita kunyanya."

Anandifunsa za kuwala, za phokoso, za fungo, ndipo chilichonse ndinkangoti eya, ndikudabwa kuti munthu amene sanalowepo m'chipinda mwanga akudziwa bwanji za tambala. Anafunsa ngati ndimaona zinthu zothwanima kapena mizere yokhotakhota mutu usanayambe. Ndinati ayi, ndimangoyasamula. Anati ena amaona, ambiri saona. Anafunsanso ngati thupi limatentha, ngati khosi limauma, ngati dzanja kapena mwendo unafookapo, ngati mutuwo unandigwerapo mwadzidzidzi ngati wina wandimenya ndi mpini. Zonsezo ndinakana. Anandiunika m'maso, n'kundiweramitsa khosi, n'kunena kuti zimenezo zikadzachitika ndisadzagone kunyumba, ndidzathamangire kuchipatala.

Mayi aang'ono sanathe kupirira.

"Adokotala, inenso mutu umandipweteka pafupifupi sabata iliyonse. Koma sindigona, sindisanza."

"Wanuwo umakhala pati, mayi?"

Anazunguliza chala kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, n'kutsikira m'khosi.

"Umayamba nthawi yanji?"

"Kumasana, ndikatopa. Kapena wina akandiyambitsa zolankhula."

"Mukamasinja umakula?"

"Ayi, nthawi zina mpaka ndimauiwala."

"Ndiye mukudwala mitu iwiri yosiyana m'nyumba imodzi," anatero adokotala. "Wanuwo ndi wa kutopa ndi nkhawa. Umagwira mbali zonse, umafinya, umayenda ndi kuuma kwa khosi ndi mapewa, ndipo susanzitsa. Dengu lanulo ndi maganizo ndi zimene zimauitana. Wa mwanayu ndi mutu waching'alang'ala. Umakonda mbali imodzi, umagunda, umadana ndi kuwala ndi phokoso, umabweretsa mseru. Munthu akati agwire ntchito, umakula. Kugona m'chipinda chamdima si ulesi, ndi mbali ya mankhwala ake."

Kenako anandifunsa chimene chimauyambitsa. Ndinatchula njala, dzuwa, kusagona mokwanira nthawi ya mayeso, utsi. Anafunsa ngati umabwera nthawi ina yake pamwezi. Ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Ndinayamba kukumbukira mwezi ndi mwezi, ndipo paliponse pamene ndinkadziona ndikudzuka pamphasa mutu utatha, ndinkadzionanso nditaima pamoto ndi chipande, ndikuitana munthu. Ndinatembenuka.

"Mayi, ndikadzuka kudwala mutu, amathira mchere m'ndiwo ndani?"

Ndinawafunsanso.

"Chiyambire Fomu 1, amathira ndani?"

"Ndine," anatero, mawu ali pansi.

Adokotala anaseka pang'ono, n'kunena kuti akazi ambiri mutu umenewu umawagwira akatsala pang'ono kusamba kapena masiku oyambirira. Ine sindinaseke. Zaka ziwiri zonse umboni wanga unali m'dzanja la mayi aang'ono, ndipo anali okonzeka kundipereka kwa wa kabaza.

"Funso lomaliza," anatero adokotala. "Mutu umenewu umayenda m'magazi. Alipo wina kubanja kwanu amene ankatere?"

Ine ndinati sindikudziwa. Mayi aang'ono anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Achemwali anga," anatero. "Mayi ake a uyu. Ankatseka zenera ndi chiguduli. Ankati tisasinje pafupi." Anasiya nsonga ya chitenje ija. "Ifeyo tinkasinja dala."

Adokotala anandipatsa mankhwala opha ululu, n'kundilangiza kuti ndizimwa mutu ukangoyamba, osadikira kuti ukule, koma osawasandutsa chakudya cha tsiku ndi tsiku chifukwa akachuluka amabweretsa mutu wina. Anati ndizidya ndisanapite kusukulu, ndizimwa madzi, ndizigona nthawi yake, ndipo ndikabwererenso ngati uyamba kubwera pafupipafupi. Adokotala anauzanso mayi aang'ono kuti achepetse katundu wa padengu ndipo aziwongola khosi. Iwo anangoti, "Tomato adziyendera yekha?"

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Ine ndinali kutsogolo, ndikuyenda ngati msewu ndi wanga.

Loweruka m'mawa amalume anafika atavala jekete, ali ndi mkulu wina woti awaperekeze kwa makolo a wa kabaza. Anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Mayi aang'ono anagwada chapatali n'kunena kuti kuchipatala sanapeze mimba.

"Zachipatala timazidziwa," anatero amalume. "Anthu anamuona akusanza, anamuona panjinga. Ine ndiyenda bwanji pa Songani? Mutu umasanzitsa kuyambira liti?"

Ndinadikira kuti mayi aang'ono afotokoze. Anangoyang'ana dothi. Nkhani za kumwezi mkazi sanena pamaso pa mlongo wake, ndipo mwana wamkazi sazitchula n'komwe pamaso pa amalume ake. Ndinaona kuti mwambo umenewo undidyera sukulu ndili chigwadire. Ndinaimirira.

"Amalume, mutu wa mayi aang'ono ndi wina, wanga ndi wina. Wawo umazungulira mutu wonse, umabwera akatopa ndi dengu, ndipo amasinja nawo. Wanga umakhala mbali imodzi, umagunda, umandisanzitsa, ndipo umabwera ndikamapita kumwezi. Mwezi uliwonse chiyambire Fomu 1. Ngati imeneyo ndi mimba, ndiye ndi mimba ya zaka ziwiri, mundiuze ndidzabereka chiyani."

Mkulu woperekeza uja anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ana mango osapsa m'mwamba. Amalume anatuzula maso.

"Iwe! Zimenezo ukuuza ine?"

"Mwandifunsa ndinu. Ndiwo zimene tinadya pano Lachitatu, afunseni anathira mchere ndani."

Sanafune kufunsa, koma mayi aang'ono anayankha okha, osadzutsa mutu.

"Ndinathira ndine, achimwene. Mwezi ndi mwezi ndimathira ndine. Mwanayu akudwala mutu uja wa achemwali."

Ndinayang'ana amalume. Ndinawaona akukumbukira. Iwonso anakulira m'nyumba ya zenera lotseka ndi chiguduli ija, ndipo mawu akuti manja lende ndinayamba kuwamva pakamwa pawo.

"Mayi anga sanali aulesi," ndinatero. Sindinakhale pansi. "Ankadwala, inu n'kumawasinjira pakhutu. Iwo anapita nalo dzinalo kumanda. Ine simundipatsa lina. Lolemba ndikupita kusukulu."

Palibe amene anapepesa. Kwathu akuluakulu sapepesa kwa mwana, amangosintha nkhani. Amalume anavula jekete, n'kuipachika pampando, n'kufunsa mkulu uja ngati feteleza wafika ku Malosa. Kwa makolo a wa kabaza sanapiteko, ndipo bambo wosalakwayo mpaka lero sadziwa kuti anatsala pang'ono kupatsidwa mkazi wachiwiri chifukwa cha chifundo.

Lolemba ndinadya mbatata, ndinatenga botolo la madzi, n'kudutsa pa Songani pakati penipeni, osati kuseri kwa magolosale. Amayi a tomato anasiya kuitanira malonda, maso onse ali pamimba panga. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza. Pofika pachiwaya ndinatseka mphuno ndi mpango poyera, kuti aliyense aone bwino. Anandiyang'ana pamimba mpaka mvula inagwa, chimanga chinacha, ine ndili chimodzimodzi ngati bango.

Mutu sunathe. Ndili nawo mpaka lero, ndipo ukalamba ukubwerawu wandiwonjezera uja wa mayi aang'ono, moti ndimatha kuwasiyanitsa ndisanatsegule maso. Ukafika wofinya, ndimadzisisita khosi n'kupitiriza ntchito. Ukafika wogunda, ndimamwa mankhwala msanga, n'kutseka chitseko, ndipo sindipepesa kwa munthu aliyense.

Mwezi wotsatira mlandu uja, unandigwiranso Lamlungu masana. Ndinalowa kuchipinda n'kugona, ndikudikira kuti chitseko chitsegulidwe ndi mawu aja a mpango. Ndinali nditakonza kale yankho. M'malo mwake ndinamva mtondo ukukokedwa pabwalo, gudu gudu, kulowera kutali, mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Mayi wina woyandikana nafe anafunsa kuti bwanji akukasinjira kutchire.

"Mwana wa achemwali wagona," anatero mayi aang'ono. "Tsitsani mawu."